Zithunzi za zitenje zikufika zambuu, koma ndikatumiza zoyera bando ikutha

NaZitenje
Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni nzeru. Ndimagulitsa zitenje, ndipo makasitomala anga ambiri ndimawapeza pa WhatsApp, ena ku Lilongwe, ena mpaka ku Joni. Katundu akafika ndimajambula chitenje chilichonse pachokha, zithunzi zimakwana ngati 40, kenako kanema wa mphindi ziwiri woonetsa zonse zili pa chingwe. Mwana wa achemwali anga anandiikira kapulogalamu kofinyira zithunzi kuti deta isamathe msanga, ndiye ndimayamba ndazilowetsa m'menemo ndisanatumize. Vuto ndi lakuti zikufika zambuu. Timaluwa ting'onoting'ono sitikuoneka, mizere yofiira ikulowerera mu buluu, moti mayi wina wabweza chitenje ati si chimene anaona pa chithunzi. Sabata yatha ndinatumiza zonse ngati Document popanda kufinya. Zinafika zoyera bwino, koma bando ya 500MB inatsala pang'ono kutha tsiku lomwelo. Kodi palibe njira ya pakati?

Chitsulo_47
Ikani zonse mu zipi mayi, mutumize fayilo imodzi. Zipi imachepetsa popanda kuononga chilichonse.

Kamtedza
A Chitsulo, zipi pa zithunzi sigwira. Yesani nokha muone, fayilo ya 4MB ituluka 3.9MB. Komanso kasitomala wake ndi uti amene angavutike kutsegula zipi kuti aone chitenje?

Chitsulo_47
Ku ofesi timachita tsiku lililonse ndipo zimachepa kwambiri.

Fundi_waMafoni
Ku ofesi zimachepa chifukwa mumaikamo makalata ndi matebulo, a Chitsulo. Chithunzi cha JPEG ndi kanema wa MP4 zimachoka mu kamera zili zofinya kale, ndiye zipi siipeza chofinya china. Pa zakuti siiononga, pamenepo mwanena zoona.

Mayi a zitenje, vuto lanu lalikulu ndi lakuti chithunzi chikufinyidwa kangapo. Kamera ikajambula imafinya koyamba. Kapulogalamu kanuko kamafinya kachiwiri. Mukatumiza ngati chithunzi wamba, WhatsApp nayo imafinya isanachikweze pa netiweki. Kufinya kwa JPEG kumataya zina mwa zimene zili pa chithunzi, ndipo zotayikazo sizibweranso. Ulendo uliwonse chimatayako pang'ono, ndipo zoyamba kupita ndi zinthu zing'onozing'ono zothithikana ngati timaluwa tanuto.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kufinya kwachiwiriko sikukupulumutsirani deta yambiri. Kamera ya 12MP imatulutsa chithunzi cha timadontho 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, cholemera pakati pa 3MB ndi 5MB. WhatsApp payokha imachichepetsa kuti mbali yaitali ikhale pafupifupi timadontho 1600, ndipo chimene chimatuluka mu foni yanu nthawi zambiri sichifika ndi theka la MB lomwe. Deta imadyedwa ndi fayilo imene yatuluka mu foni, osati imene yatsala mu galare. Ndiye choyamba, siyani kulowetsa zithunzi mu kapulogalamuko. Tengani chithunzi cha ku kamera chenichenicho, mutumize mwachindunji.

NaZitenje
Zikomo a Fundi. Ndiye kuti deta yanga yonse ija inapita kuti sabata yatha? Ndi zithunzi kapena kanema?

Fundi_waMafoni
Zonse ziwiri, koma kanema ndiye anadya kwambiri. Document imatumiza fayilo mmene ilili, osaichepetsa. Zithunzi 40 za 4MB chilichonse ndi 160MB. Kanema naye tiwerengere. Mafoni ambiri akamajambula pa 1080p amalemba pafupifupi 17Mbps, kutanthauza mamegabiti 17 pa sekondi iliyonse. Chulukitsani 17 ndi masekondi 120 a mphindi ziwiri zija, mugawe ndi 8 popeza MB imodzi ndi mamegabiti 8, mupeza 255MB. Kuphatikiza ndi zithunzi zija ndi 415MB. Pa bando ya 500MB munatsala ndi zochepera 100.

Mukafuna kutsimikiza, tsegulani kanemayo mu galare, mupite pa Details, muone kulemera kwake. Sakhala kutali ndi pamenepo.

Mlonda_waUsiku
Inenso foni yanga imangoti storage full. Ndinagula memori khadi ya 32GB koma zithunzi zikupitabe mu foni. Ndipange bwanji?

Kamtedza
Achimwene, imeneyo ndi nkhani ya malo mu foni. Pano tikukamba za deta ya pa netiweki. Lowani mu Settings ya kamera musinthe posungira pakhale SD card.

Mlonda_waUsiku
Chabwino ndaona. Koma pa nkhani ya mayiwa, ine ndimatumiza usiku netiweki ikakhala yopanda anthu ambiri, zithunzi zimafika zoyera kuposa masana.

Fundi_waMafoni
Usiku zimapita mofulumira, ndipo ngati muli ndi bando ya usiku mumapulumutsa ndalama. Koma kuyera kwa chithunzi sikusintha. Fayilo imafinyidwa mu foni isananyamuke, ndipo imafika yonse kapena siifika. Zimene mukunenazo zimachitika poimbirana pa kanema, pamene netiweki ikafooka nkhope zimasanduka timabokosi. Chithunzi chotumiza sichitero.

MwanaWaKuJoni
Ine ndiyankhule ngati wogula. Ndimaodetsa zitenje kumudzi kawirikawiri, ndipo chimene chimandivuta si kuchepa kwa chithunzi ayi, ndi kajambulidwe. Munthu amaima patali, chitenje chili pa chingwe, m'chithunzimo muli khoma, ndowa, nkhuku, thambo, ndipo chitenjecho chili pakati kakang'ono. Ndikachikuza kuti ndione maluwa, palibe chooneka. Amene ndimawagula kwambiri amatumiza ziwiri pa chitenje chimodzi: china chonse chikuoneka, china chapafupi kwambiri ataikapo dzanja kuti ndidziwe kukula kwa duwa. Zimabwera wamba, osati Document, koma ndimaona chilichonse.

Fundi_waMafoni
Mawu amenewa ndi ofunika kuposa onse amene ndalemba pamwambapa. Timadontho 1600 tija timagawidwa pa chithunzi chonse. Ngati chitenje chatenga theka la chithunzi, chalandira 800 basi, ena onse apita ku khoma ndi nkhuku. Chitenje chotalika mamita awiri pa timadontho 800 ndiye kuti sentimita iliyonse ili ndi timadontho 4. Duwa la sentimita imodzi silingaoneke ndi timadontho 4. Koma mukajambula pafupi, kachigawo ka masentimita 40 kadzaze chithunzi chonse, sentimita iliyonse ilandira timadontho 40. Fayilo kulemera kwake pafupifupi chimodzimodzi, koma ulusi ukuoneka.

Ngati mwajambula kale muli patali, dulani m'mbali ndi Crop musanatumize. Kudulako kumachitika pa chithunzi chachikulu cha 4000 chija, ndiye zimene zatsala zimakhala zikadali ndi timadontho tambiri pamene WhatsApp ikuchepetsa.

NaZitenje
Nanga za mitundu? Mayi anabweza aja amati chofiira chake chinali china.

Fundi_waMafoni
Pali zinthu ziwiri pamenepo. Kulowerera kwa chofiira mu buluu n'kwa kufinya ndithu. JPEG imasamala kwambiri kuwala ndi mdima, koma mitundu imaisunga mwachisawawa, nthawi zambiri timadontho tinayi timagawana mtundu umodzi. Pa nkhope ya munthu diso silizindikira. Pa mzere wopyapyala wofiira womwe wagundana ndi buluu zimaonekeratu, ndipo mukafinya kawiri zimanyanya. Koma ngati chofiira chonse chasintha n'kuoneka ngati cha olenji kapena chakuda, imeneyo si ntchito ya kufinya. Ndi kuwala kwa pomwe munajambulira, kapena sikirini ya foni yawo. Jambulirani panja pa mthunzi, osati m'nyumba pansi pa babu, osatinso padzuwa la masana.

Kamtedza
Bwanji osangodina HD? Inabwera mu 2023 pa chifukwa chomwechi. Mukasankha chithunzi, pamwamba pali kachizindikiro kolembedwa HD, mudine musankhe. Nkhani yatha.

AphunzitsiAkumudzi
A Kamtedza, nkhani siithera pamenepo kwa ife a bando zing'onozing'ono. HD imasiya chithunzi chili chachikulu, pafupi ndi mmene chinachokera ku kamera, ndipo fayilo imalemera kangapo kuposa wamba. Pa chithunzi chimodzi palibe vuto. Pa 40 mumva. Komanso musaiwale wolandira. Deta yomwe inu mwalipira potumiza, iyenso alipira yomweyo potsitsa. Pa gulu la anthu 60 aliyense akutsitsa payekha.

Kamtedza
Koma pa bizinesi chitenje chimodzi chikabwezedwa mwataya zambiri kuposa deta ya zithunzi zonsezo. Ine ndikanakhala mayiwa ndikanangoika HD pa Media upload quality n'kuiwala.

AphunzitsiAkumudzi
Ndiye zithunzi zonse, za ana, za maliro, za chakudya, zizipita pa HD? Ayi. Asiye pa Standard, azidina HD pa chithunzi chimene kasitomala wafunsa kuti achionetsetse.

Popeza tili pomwepa, nane ndili ndi yanga. Ndine mlembi wa banki mkhonde kwathu kuno. Mwezi ukatha ndimajambula tsamba la kaundula n'kutumiza kwa mamembala omwe sanabwere. Mwezi wathawu panabuka mkangano chifukwa pa chithunzi 3 ndi 8 sizimasiyana, wina amati anapereka 8,000 pamene m'buku muli 3,000. Tinachita kudikira tsiku lokumana kuti tione bukulo ndi maso. Pa zolembalemba ngati izi njira yabwino ndi iti?

Fundi_waMafoni
Aphunzitsi, zolemba pamanja ndiye zimavutika kwambiri chifukwa mizere ya bolopeni ndi yopyapyala. Pepala la A4 ndi lalitali pafupifupi masentimita 30. Likadzaza chithunzi chonse cha 1600, sentimita iliyonse ili ndi timadontho toposa 50, ndipo manambala amawerengeka bwinobwino. Mukajambula buku lotsegula masamba awiri, tebulo likuonekanso, mwatsika kufika cha m'ma 25, pamene 3 ndi 8 zimayamba kufanana. Jambulani tsamba limodzi pa chithunzi chimodzi, foni ili pamwamba penipeni, osapendekeka, ndipo dinani pa sikirini pamene pali zolemba kuti kamera ilunjike pamenepo. Ngati tsambalo lathithikana kwambiri, ligaweni pawiri, chapamwamba ndi chapansi. Pa nkhani ya ndalama za anthu, apa ndi pamene ine ndingadine HD mosakayika, chifukwa ndi chithunzi chimodzi kapena ziwiri pa mwezi.

Musanatseke buku, tsegulani chithunzi chomwe chapita mu macheza aja, osati cha mu galare, muchikuze ndi zala pa nambala yaing'ono kwambiri. Chimenecho ndi chimene anzanu alandira. Mukaona utsiutsi kuzungulira zilembo kapena timabokosi, jambulaninso.

Nachisale_wa_kwaya
Banki mkhonde yathu inatha chifukwa cha zomwezi za kaundula. Aphunzitsi, muziti aliyense asayine m'buku tsiku lomwelo, za zithunzi zisakhale umboni.

AphunzitsiAkumudzi
Amasayina ndithu mayi. Chithunzi n'chongodziwitsa omwe ali kutali.

Chitsulo_47
Kwathu tinayamba kulemba manambala m'mawu pambali, monga amachitira pa cheke. Mikangano inachepa.

NaZitenje
Abale tibwerere ku kanema uja, ndi amene akundidyera ndalama. Ndikatumiza wamba amafika wa timabokosi makamaka ndikamayenda ndi foni. Ndikatumiza Document ndi 255MB ija.

Fundi_waMafoni
Kanema amafinyidwa mosiyana ndi chithunzi. Sasunga chithunzi chathunthu nthawi iliyonse. Amasunga chimodzi, kenako amangolemba zomwe zasintha kuchokera pamenepo. Foni ikakhala chilili, zosintha n'zochepa, ndiye deta yochepa imakwanira ndipo kanema amayera. Inu mukuyenda m'mbali mwa chingwe, foni ikugwedera, zitenje zikuuluka ndi mphepo, chilichonse chili ndi maluwa akeake. Zonse zikusintha nthawi imodzi. Deta yomwe WhatsApp yapereka pa sekondi iliyonse siikwana, ndiye imangopaka timabokosi. Umboni wake ndi uwu: onerani kanema amene munatumizayo, muona kuti pamene munaima amayera, mukangosuntha amaonongeka.

Ndiye musanaganize za pulogalamu iliyonse, sinthani izi. Mu Settings ya kamera tsitsani kanema akhale 720p pa 30fps. WhatsApp wamba imatsitsa kanema kufika cha pa 480p, ndipo HD yake ndi 720p, choncho kujambula pa 1080p kapena 4K n'kungodzaza foni. Imani malo amodzi, zigongono zitsamire pa china chake, mwana azikutambasulirani chitenje chimodzichimodzi kutsogolo kwa kamera. Ndipo fupikitsani. Kutalika ndi kumene kumachulukitsa deta mosabisa: pa 2Mbps, mphindi ziwiri ndi 30MB, masekondi 30 ndi 7.5MB. Mukasankha kanema mu WhatsApp, pamwamba pamabwera kodulira, ndipo pambali pake pamaoneka kutalika ndi kulemera kwake. Kokani muone nambala ikutsika musanatumize.

MwanaWaKuJoni
Kunena zoona kanema wa mphindi ziwiri ine sindimaliza. Ndimafuna ndione ngati nsaluyo ndi yolimba kapena yopyapyala, ngati ikunyezimira. Masekondi 15 munthu akuipinda m'manja andikwanira. Maluwa ndimaonera pa zithunzi.

Nachisale_wa_kwaya
Ife a kwaya sitingadule nyimbo kukhala masekondi 15. Timajambula nyimbo yonse, mphindi zisanu kapena kuposa, kutumiza kwa anzathu omwe anatithandiza kugula yunifolomu ali kunja. Tili ndi laputopu ya ku tchalitchi. Tingachepetse bwanji koma mawu asaonongeke?

Fundi_waMafoni
Ngati laputopu ilipo, pezani HandBrake, ndi yaulere. Lowetsani kanema wa ku kamera, musankhe Fast 720p30, kenako pa Video pali kokokera kolembedwa RF. Nambala ikakwera fayilo imachepa ndipo kuyera kumatsika. Yambirani pa 26, muyese kachidutswa kaye. Kwa amene amadziwa ffmpeg, lamulo lake ndi ili:

```
ffmpeg -i kwaya.mp4 -vf scale=-2:720 -c:v libx264 -crf 26 -c:a aac -b:a 128k yochepa.mp4
```

Mukakweza crf ndi 6, fayilo imatsika pafupifupi ndi theka. Kupitirira 30 nkhope za a mzere wakumbuyo zimayamba kufufutika. Mawu musawakhudze kwambiri, chifukwa salemera: pa 128k, mphindi zisanu ndi zosakwana 5MB. Anthu ambiri amaononga mawu pofuna kupulumutsa 2MB pamene zithunzi za kanemayo zikudya 70MB.

Mukamaliza, fayilo yochepayo itumizeni ngati Document. Mukaitumiza ngati kanema wamba ikhoza kufinyidwanso, n'kubwerera ku vuto la mayi a zitenje lija. Ndipo fayilo ya ku kamera musaifufute. Tsiku lina mukadzafuna kuchepetsa mwanjira ina, muyambire pa imeneyo, osati pa yochepa.

Kamtedza
Chenjerani ndi lamulo limenelo ngati munajambula foni itaimirira. `scale=-2:720` imaika msinkhu pa 720, ndiye kanema woimirira atuluka wopyapyala, m'lifupi mwake cha m'ma 400 basi. Kwa woimirira lembani `scale=720:-2`.

Fundi_waMafoni
Eya, kwa woimirira n'choncho. Kwaya nthawi zambiri imajambulidwa foni itagona, koma a zitenje ambiri amaimika.

Chitsulo_47
Foni yanga ili ndi posankha HEVC pa kamera, ati imachepetsa kanema pafupifupi ndi theka popanda kutaya kuyera. Bwanji aliyense osangoyatsa imeneyo?

Fundi_waMafoni
Imachepetsadi, ndipo pa kusunga malo mu foni ndi yabwino. Koma mukatumiza fayilo yotero ngati Document, mafoni ena akale ndi makompyuta ena amakana kuitsegula, kapena amangotulutsa mawu sikirini ili bii. Ku shopu kwanga amabwera anthu otere akuganiza kuti foni yafa. N'chifukwa chake pa lamulo lija ndalemba libx264, imene imaseweredwa pafupifupi paliponse. Zithunzi za HEIC za pa iPhone nazo zimachita chimodzimodzi zikapita ngati Document.

Chinanso pa Document chimene anthu sachidziwa: fayilo imapita ndi zonse zimene kamera inalembamo, tsiku, mtundu wa foni, ndipo ngati Location inali yoyatsa pa kamera, malo enieni amene munajambulira. Pa chithunzi wamba zimenezi zimachotsedwa. Mayi a zitenje, ngati mumajambulira pakhomo panu n'kumatumiza kwa anthu osawadziwa, zimitsani Location mu kamera.

NaZitenje
Imeneyo ndazimitsa pompano. Funso lina: ndili ndi magulu atatu a makasitomala. Ndizitumiza katatu kuchokera mu galare?

AphunzitsiAkumudzi
Tumizani kamodzi, kenako Forward ku magulu enawo. Chithunzi sichifinyidwanso ndipo deta yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi kukweza koyamba. Chimene chimaononga ndi chizolowezi chojambula sikirini n'kutumiza chojambulacho. Zithunzi zambiri zambuu zomwe zimazungulira m'magulumu zinadutsa m'menemo kangapo.

Mlonda_waUsiku
Ine sindikhulupirira kuti Forward siidya deta. Bando yanga imatha ngakhale ndisanatumize kanthu.

Kamtedza
Yanu ikuthera kutsitsa, achimwene. Muli m'magulu angati? Pitani Settings, Storage and data, pa When using mobile data muchotse zonse, makamaka Videos. Pomwepo palinso Network usage, imaonetsa deta yomwe yatuluka ndi yomwe yalowa. Dinani Reset statistics, mupange Forward chithunzi chimodzi, mubwerere mukaone nokha.

NaZitenje
Ndayesa madzulo ano ndi zitenje khumi zomwe zinatsala. Ndinapanga Reset kaye monga anenera a Kamtedza. Chitenje chilichonse zithunzi ziwiri, chonse ndi chapafupi, pa mthunzi kuseri kwa nyumba, osadutsa mu kapulogalamu kaja. Zithunzi 20 zadya 7MB. Kanema wa masekondi 20 pa 720p, foni itatsamira pa mpando, wadya 4MB. Zapafupi zija zayera moti ulusi ukuoneka. Koma pali chitenje chimodzi cha timizere tofiira ndi takuda tothithikana kwambiri, chimenecho pa chithunzi chonse chikuoneka ngati chili ndi mafunde omwe pa nsalupo palibe. Ndayesa HD, achepa koma sanathe.

Fundi_waMafoni
Mafunde amenewo amabwera timizere ta nsalu tikayandikana kuposa mmene timadontho ta chithunzi tingathere kutisiyanitsa. Sunthani pang'ono, kuyandikira kapena kutalikira, kapena pendeketsani foni pang'ono, muone pamene akutha. Nthawi zina amachokera pa sikirini pokha, ndiye chikuzeni kaye muone ngati akadalipo.

Kamtedza
Chimenecho chokha tumizani Document basi, ndi 4MB imodzi.

MwanaWaKuJoni
Document ambiri sititsegula, a Kamtedza, chifukwa siionetsa chithunzi mpaka utatsitsa. Mayi, tumizani chapafupi chokhacho mulembe pansi kuti timizere take ndi tating'ono. Ndipo ngati cha timizerecho chikadalipo, mundiuze mtengo wake ku inibokosi.